Kyubiti imodzi ya awiri olukana: n'chifukwa chiyani payokha imangotulutsa zamaere?

M'chaka cha 2017, gulu la akatswiri a sayansi a ku China lotsogozedwa ndi a Pan Jianwei linalengeza zimene linachita ndi setilaiti yotchedwa Micius. Setilaitiyo inkapanga tinthu ting'onoting'ono ta kuwala, totchedwa mafotoni, awiriawiri olukana. Fotoni imodzi inkaponyedwa ku siteshoni ya ku Delingha ndipo inzake ku siteshoni ya ku Lijiang, malo otalikirana makilomita oposa 1,200. Nyuzipepala zambiri zinalemba za mgwirizano umene unapezeka pakati pa zotsatira za masiteshoni awiriwa. Pali mbali ina ya nkhaniyi imene siinalembedwe kwambiri. Munthu wokhala pa siteshoni imodzi, amene akuona zolembedwa za makina ake okha, saona chodabwitsa chilichonse. Amaona mndandanda wa 0 ndi 1 wopanda mutu ndi mchira, ndipo angauyang'ane mpaka maso kuwawa koma sangadziwe nambala yotsatira. Mgwirizanowo umaoneka pokhapokha mindandanda iwiriyo ikaikidwa pamodzi.

Sikuti makinawo ndi osalongosoka. Masamu a sayansi ya kwantamu amanena kuti ziyenera kukhala choncho, ndipo njira yowerengera imene imasonyeza zimenezi imatchedwa pashalo tiresi. Dzinali likhoza kukuopsani, koma ntchito yake ndi kuwonkhetsa nambala ziwiriziwiri basi.

Tiyambe ndi kyubiti imodzi. Mu kompyuta wamba, kachidutswa kakang'ono kwambiri ka uthenga kamakhala 0 kapena 1. Kyubiti nayonso ikayezedwa imapereka 0 kapena 1, koma isanayezedwe imafotokozedwa ndi nambala ziwiri zotchedwa ma ampulichudi: imodzi ya 0, inayo ya 1. Mukachulukitsa ampulichudi ndi iyo yomwe, mumapeza mwayi wa yankho limenelo. Titenge kyubiti imene ampulichudi yake ya 0 ndi 0.8 ndipo ya 1 ndi 0.6. Mwayi wa 0 ndi 0.8 kuchulukitsa ndi 0.8, zimene ndi 0.64. Mwayi wa 1 ndi 0.36. Mukakonza makyubiti 100 ofanana ndi imeneyi n'kuwayeza onse, pafupifupi 64 apereka 0 ndipo otsalawo apereka 1. Mu fotoni, 0 ndi 1 zingakhale kugwedezeka kwa kuwala chopingasa kapena choimirira.

Pali njira ina yolembera kyubiti yomweyi, imene a John von Neumann ndi a Lev Landau anaipeza aliyense payekha mu 1927, a Landau ali ndi zaka 19 zokha. M'malo mwa nambala ziwiri, timalemba katebulo ka nambala zinayi, kotchedwa densite matirikisi. Timaika 0 ndi 1 pamwamba, 0 ndi 1 kumbali, ndipo m'bokosi lililonse timalemba ampulichudi ya kumbali kuchulukitsa ndi ya pamwamba.

```
        0      1
0     0.64   0.48
1     0.48   0.36
```

Nambala zimene zikutsika kuchokera pangodya ya kumwamba kumanzere kufika pangodya ya kumunsi kumanja tizitcha msana wa tebulo. Pamsana pali mwayi uja, 0.64 ndi 0.36. Kuwonkhetsa nambala za pamsana ndiye kumene kumatchedwa tiresi, ndipo pa tebulo lathunthu yankho limakhala 1 nthawi zonse, chifukwa kyubiti ikayezedwa iyenera kupereka yankho lina lake.

Nanga 0.48 amene ali m'mbali mwa msana ndi wa chiyani? Nkhani yonse yagona pa iyeyu. Pali kasinthidwe kena kamene akatswiri amachita pa kyubiti asanaiyeze, kotchedwa geti la Hadamard. Getili limasakaniza ma ampulichudi awiriwo: ampulichudi yatsopano ya 0 imachokera pa kuwonkhetsa ziwiri zakalezo, ndipo ya 1 imachokera pa kuchotsa ina mwa inzake. Pa matebulo ngati athuwa, lamulo lake ndi losavuta kuliloweza. Kyubiti ikadutsa pa getili, mwayi wa 0 umakhala 0.5 kuwonjezera nambala ya m'mbali mwa msana. Pa kyubiti yathu ndi 0.5 kuwonjezera 0.48, zimene ndi 0.98. Taonani kusintha kwake: kyubiti imene inkaoneka yokayikakayika, 64 apa 36 apo, tsopano ikupereka 0 maulendo 98 pa 100 alionse.

Kyubiti imene ma ampulichudi ake ndi ofanana, iliyonse 1/√2 (pafupifupi 0.707), imalembedwa |+⟩, ndipo tebulo lake lili ndi 0.5 m'mabokosi onse anayi. Mukaiyeza mwachindunji, theka la mayankho ndi 0, theka ndi 1, ndipo munganene kuti ndi zamaere. Koma ikadutsa kaye pa geti la Hadamard, mwayi wa 0 ndi 0.5 kuwonjezera 0.5, kutanthauza kuti ipereka 0 ulendo uliwonse. Kyubiti imeneyi inali ndi yankho lotsimikizika, kungoti funso loyamba silinali loyenera. Kyubiti iliyonse imene ili ndi ma ampulichudi akeake ili ndi funso lotere, limene imayankha mosakayika.

Tsopano makyubiti akhale awiri, A ndi B. Mayankho otheka ndi anayi: 00, 01, 10 ndi 11, nambala ya kumanzere ikuimira A. Kulukana kodziwika kwambiri, kumodzi mwa kunayi kumene kumatchedwa ndi dzina la a John Bell, kumalembedwa motere: (|00⟩ + |11⟩)/√2. Ampulichudi ya 00 ndi 1/√2, ya 11 ndi chimodzimodzi, ndipo 01 ndi 10 zilibe kanthu. Tebulo lake timalipanga ndi lamulo lomwe lija, koma tsopano lili ndi mabokosi 16.

```
        00    01  |  10    11
00     0.5    0   |   0    0.5
01      0     0   |   0     0
      ------------+------------
10      0     0   |   0     0
11     0.5    0   |   0    0.5
```

Munthu amene ali ndi A yekha, B ili kutali, akufuna katebulo ka mabokosi anayi kofotokoza zonse zimene angaone pa kyubiti yake. Pashalo tiresi imachita motere. Dulani tebulo lalikulu ndi mizere iwiri imene mukuionayo kuti mupeze zigawo zinayi. Chigawo chilichonse chili ndi kamsana kakekake ka nambala ziwiri. Wonkhetsani ziwirizo, ndipo yankho lilembeni m'malo mwa chigawo chonsecho.

Chigawo cha kumwamba kumanzere chili ndi 0.5 ndi 0 pamsana, ndiye chikupereka 0.5. Cha kumunsi kumanja chili ndi 0 ndi 0.5, nacho chikupereka 0.5. Tafika pa chigawo cha kumwamba kumanja. M'menemo muli 0.5, inde, koma ali pangodya, sali pakamsana. Pakamsana pali 0 ndi 0. Chigawo cha kumunsi kumanzere chili chimodzimodzi. Tebulo la A ndi ili:

```
        0      1
0      0.5     0
1       0     0.5
```

Liyerekezeni ndi la |+⟩. Msana ndi wofanana, koma nambala za m'mbali zasowa. Mukayeza A mwachindunji, mupeza theka 0 ndi theka 1. Mukaidutsitsa pa geti la Hadamard, mwayi wa 0 ndi 0.5 kuwonjezera 0, thekanso. Ndipo si geti limeneli lokha. Tebulo limene lili ndi nambala zofanana pamsana ndi 0 m'mbali silisintha ngakhale mutaitembenuza kyubitiyo ndi geti lililonse limene lilipo. Palibe funso limene A ingayankhe motsimikiza. Ichi ndicho akatswiri amatanthauza akamati kyubiti imodzi ya awiri olukana kotheratu ndi zamaere zenizeni.

Wina angafunse kuti, bwanji tikuwonkhetsa za pakamsana pokha n'kutaya zinazo? Kodi si ife tataya 0.5 uja ndi manja athu? Funsoli ndi labwino. Bokosi lililonse la tebulo lalikulu limalumikiza mayankho awiri, la kumbali ndi la pamwamba. Mabokosi a pakamsana ndi amene B ili yofanana mbali zonse ziwiri, monga 00 ndi 10, pamene A yokha ndiyo yasintha. Koma 0.5 wa pangodya uja akulumikiza 00 ndi 11, pamene A ndi B zonse zasintha. Kuti nambala yotere ioneke pa kuyeza, pafunika kugwira makyubiti onse awiri. Munthu amene ali ndi A yekha sangaifikire. Choncho pashalo tiresi siwononga kanthu pa makyubitiwo, ndipo sikuti ndi chinthu chimene chimawachitikira. Ndi kuwerengera kwa papepala, kochotsa zimene mwini A sangazione. Zinatsimikizidwanso kuti palibe njira ina yochepetsera tebulo imene imapereka mwayi wolondola pa kuyeza kulikonse kwa A.

Kuti tione kuti njirayi siimangofufuta nambala za m'mbali paliponse, tiyese awiri osalukana: A ikhale |+⟩, B ikhale 0. Izi zimalembedwa (|00⟩ + |10⟩)/√2. Mu tebulo lalikulu, 0.5 akupezeka pamene 00 ndi 10 zikukumana, ndipo zikutero kuti chigawo chilichonse mwa zinayi chili ndi 0.5 pamwamba pa kamsana kake. Kuwonkhetsa kukupereka 0.5 m'mabokosi onse anayi, ndipo |+⟩ wathu wabwerera wamoyo. Kusiyana kwa nkhani ziwirizi ndi kumodzi. Kuno B ili 0 kaya A ili 0 kapena 1, choncho B siidziwa kanthu za A. Pa olukana aja, B yasunga umboni wathunthu: ikakhala 0 ndiye kuti A ili 0, ikakhala 1 ndiye kuti A ili 1. Ma ampulichudi awiri a A amatha kuwonkhetsana kapena kuchotsana pa geti la Hadamard pokhapokha ngati palibe china chilichonse chosiyanitsa njira ziwirizo. Umboni ukangokhalapo, kusakanizana kuja kumatha, ngakhale palibe munthu amene wauwerenga.

Kulukana sikukhala kotheratu nthawi zonse. Titenge 0.8|00⟩ + 0.6|11⟩. Pangodya za tebulo lalikulu pali 0.48, ndipo pashalo tiresi ikumusiya pa chifukwa chomwe chija. A ikutsala ndi 0.64 ndi 0.36 pamsana, 0 m'mbali. Mukaiyeza mwachindunji simungaisiyanitse ndi kyubiti imene tinayamba nayo. Koma ikadutsa pa geti la Hadamard ikupereka 0 maulendo 50 pa 100, pamene yoyamba ija inkapereka 98. Kyubiti iyi si zamaere kotheratu, chifukwa munthu wolosera 0 pa kuyeza kwachindunji apambana maulendo 64 pa 100, koma palibe funso limene lingamupatse zoposa pamenepo.

Akatswiri ali ndi muyeso wachidule wa zimenezi. Pa matebulo ngati athuwa, mumachulukitsa nambala iliyonse ndi iyo yomwe n'kuwonkhetsa zonse. Pa |+⟩ ndi 0.25 kanayi, zimene ndi 1, ndipo 1 akutanthauza kuti kyubiti ili ndi ma ampulichudi akeake. Pa kyubiti ya awiri a Bell ndi 0.25 kawiri, 0.5, ndipo kyubiti imodzi singatsike kuposa pamenepo. Ya 0.64 ndi 0.36 ikupereka 0.5392. Tsopano yesani muyeso womwewu pa tebulo lalikulu la Bell: 0.25 kanayi, 1. Awiriwo pamodzi tikuwadziwa mokwanira monga mmene chilengedwe chimalolera, koma za mmodzi tikudziwa zochepetsetsa. A Erwin Schrödinger anaiona mfundo imeneyi mu 1935, chaka chomwe a Albert Einstein, a Boris Podolsky ndi a Nathan Rosen analemba pepala lawo lodandaula kuti sayansi ya kwantamu ndi yosakwanira. Iwo ananena kuti kudziwa chinthu chathunthu mokwanira sikutanthauza kudziwa zigawo zake mokwanira, ndipo ankaona kuti pamenepa ndi pamene sayansi yatsopanoyi inasiyanirana ndi yakale.

Katebulo ka 0.5 ndi 0.5 kaja kamathetsanso mphekesera imene imamveka kawirikawiri, yoti makyubiti olukana angatumize uthenga mofulumira kuposa kuwala. Tiyerekeze kuti mwini B wayeza kyubiti yake mwachindunji. Akapeza 0, A ili 0. Akapeza 1, A ili 1. Mwini A sanauzidwe yankho, choncho iye ayenera kutenga theka la tebulo la 0 ndi theka la tebulo la 1, ndipo zikutuluka 0.5 ndi 0.5 pamsana, 0 m'mbali. Tsopano mwini B asinthe maganizo, adutsitse kaye kyubiti yake pa geti la Hadamard. Akapeza 0, A ili |+⟩, ya 0.5 m'mbali. Akapeza 1, A ili |−⟩, imene nambala yake ya m'mbali ndi −0.5. Theka la iyi ndi theka la iyo zikufafanizana, ndipo m'mbali mwatsalanso 0. Kaya mwini B ayeze motere, kaya motero, kaya asayeze n'komwe apite kukagona, tebulo la A ndi lomwelo. Popeza zonse zimene mwini A angaone zili mu tebulo limenelo, palibe chizindikiro chimene chingamufike. Kuti mgwirizano uoneke, wina ayenera kutumiza mndandanda wake pa foni kapena pa intaneti, ndipo zimenezo sizithamanga kuposa kuwala.

Pali msampha umodzi umene ophunzira ambiri amagweramo, ndipo ineyo ndimauona kuti ndi wofunika kuposa zonse zimene tanenazi. Kuona kyubiti ikutulutsa zamaere si umboni woti yalukana ndi inzake. Ganizani za mayi amene ali ndi zitenje ziwiri, chofiira ndi chobiriwira. Wachita maere kusankha chimodzi, wachidula pakati, ndipo watumiza chidutswa chimodzi kwa mwana wake wamkulu, china kwa wamng'ono. Mwana aliyense asanamasule phukusi, mwayi wa chofiira ndi theka, ndipo zidutswa ziwirizo zidzafanana mtundu nthawi zonse. Apa palibe chozizwitsa. Makina osalongosoka angachite zomwezi: theka la nthawi kupanga 00, theka kupanga 11. Tebulo lalikulu la makina otere lili ndi 0.5 pa 00 ndi 0.5 pa 11 pamsana, koma pangodya ziwiri zija pali 0. Popeza pashalo tiresi siyang'ana n'komwe ngodyazo, tebulo la A likutuluka lofanana ndendende ndi la awiri a Bell.

Kuyeza makyubiti onse awiri mwachindunji sikuthandizanso, chifukwa pa nkhani zonse ziwiri mayankho agwirizana. Chimene chimasiyanitsa ndi kudutsitsa onse awiri pa geti la Hadamard musanayeze. Awiri a Bell amatuluka pa mageti awiriwo osasintha, ndipo mayankho amakhalabe 00 kapena 11. Osakanizidwa mwa njira ya chitenje aja amabalalika: 00, 01, 10 ndi 11 zimabwera mofanana, chilichonse maulendo 25 pa 100, ndipo mayankho amagwirizana theka la nthawi lokha. Muyeso uja ukunenanso zomwezo, chifukwa pa tebulo lawo lalikulu ukupereka 0.5 m'malo mwa 1. Lamulo lolondola ndi lakuti ngati tebulo la awiri likupereka 1 koma la mmodzi likupereka zochepera 1, ndiye kuti alukana. Ngati la awiri lili kale pansi pa 1, zamaere za mmodzi pazokha si umboni woti alukana. Wina akhoza kuumirirabe kuti mwina makyubitiwo ananyamula mayankho a mafunso onse awiri kuchokera kumene anapangidwa. Zimenezi ndi zimene a Bell anazitsekera njira mu 1964, posonyeza kuti kuyeza pa ngodya zosiyanasiyana kumapereka mgwirizano woposa umene mayankho okonzeratu angapereke. A John Clauser, a Alain Aspect ndi a Anton Zeilinger analandira mphoto ya Nobel mu 2022 chifukwa cha ntchito yawo pa mafotoni olukana, kuphatikizapo kuyesa mfundo imeneyi.

Masamu omwewa ndi amene amasowetsa tulo anthu opanga makompyuta a kwantamu. B sayenera kukhala kyubiti imene munaikonza nokha. Ingakhale fotoni yosochera kapena kunjenjemera kwa maatomu a chipangizocho. Chinthu chilichonse chikakhudza kyubiti n'kuchoka ndi kaumboni koti inali 0 kapena 1, nambala za m'mbali zimachepa molingana ndi kukula kwa umboniwo. Umboni ukakhala wochepa, 0.5 atsika pang'ono. Ukakhala wathunthu, afika pa 0. N'chifukwa chake makyubiti a mtundu umene IBM ndi Google amagwiritsa ntchito amasungidwa m'mafiriji ozizira pafupifupi madigiri 273 pansi pa 0.

Amene ali ndi kompyuta angathe kuyesa zonsezi ndi pulogalamu yaulere ya Qiskit:

```python
from qiskit.quantum_info import Statevector, partial_trace
psi = Statevector([0.8, 0, 0, 0.6])
print(partial_trace(psi, [0]).data)
```

Ikutulutsa 0.64 ndi 0.36 pamsana, 0 m'mbali. Koma samalani pa zinthu ziwiri. Nambala imene ili mu `[0]` ndi ya kyubiti yochotsedwa, osati yosungidwa. Komanso Qiskit imawerenga makyubiti kuyambira kumanja, choncho kyubiti 0 ndi B wathu. Munthu akasokoneza chimodzi mwa ziwirizi n'kuyesa pulogalamu yake ndi awiri a Bell, sangazindikire cholakwacho, chifukwa A ndi B zili ndi tebulo lofanana. Yesani ndi (|00⟩ + |10⟩)/√2. Mukachotsa kyubiti yoyenera mupeza 0.5 m'mabokosi onse anayi. Mukaona 1 m'bokosi loyamba ndi 0 m'mabokosi atatu otsalawo, ndiye kuti mwachotsa A n'kutsala ndi B.